ZA MAFONI NA MAKOMPYUTA: Mau apansi pa vidiyo asowa pa WhatsApp? Aocheni mu chithunzi

Sabata yatha muphwa wanga anabwera kunyumba usiku, nkhope ili ngati wataya foni mu basi. Mufana uyu amajambula mavidiyo mu komboni: maukwati, makicheni pati, nyimbo za makwaya. Gulu lina la azimai linamupatsa nchito ya kasewero ka maminiti 12 kokamba za chilimba. Anamuuza kuti mau onse okambidwa alembedwe pansi pa chithunzi, chifukwa ena mu gulu lao samamva. Analemba, anatuma vidiyo pa WhatsApp, koma amai apampando anamutumila foni ati, "Mwana wanga, mau ali kuti? Ndalama yotsala suzaiona mpaka tiwaone." K800 inali pa ngozi, ndipo kasewero kanali koonetsa pa Chiwelu.

"Ba malume, nilumbila, pa laputopu yanga yaoneka," anatero.

Sananame. Chamene sanadziwe n'chakuti masabutaito amayenda mu njila zitatu. Yoyamba, amakhala mu failo yapadela, ija yothela na .srt. Yachiwili, amalowetsedwa mukati mwa failo ya vidiyo ngati kanjila kao kao pambali pa chithunzi na saundi, ndipo woonelela angawayatse kapena kuwazimya. Yachitatu, amaochedwa mu chithunzi cheni-cheni, ngati penti pa chipupa. Muphwa anali pa njila yoyamba. VLC ikaona `sewero.mp4` na `sewero.srt` mu foda imodzi, maina ofanana, imatenga mau yeka osakufunsani. Iye anaganiza kuti mau alowa mu vidiyo. Pamene anatuma mp4 chabe, mau anatsala pa laputopu.

Failo ya SRT si chinthu chovuta. Ni malemba chabe, mungaitsegule na Notepad. Mukati imaoneka so:

```
1
00:00:04,200 --> 00:00:06,800
Ndalama za ng'ombe zili kuti?

2
00:00:07,000 --> 00:00:09,500
Amai, nizabweza pa manthi endi.
```

Mzele woyamba ni nambala. Wachiwili ni nthawi yamene mau aonekela na yamene achokela: maola, maminiti, masekondi, ndiye koma, ndiye tumagawo twa sekondi. 1000 ndiye sekondi yathunthu, so 200 ni gawo limodzi mwa magawo asanu. Wachitatu ni mau. Pambuyo pake musiye mzele umodzi wopanda kanthu musanayambe nambala yotsatila. Mukaiwala mzele uja, mapulogilamu ena amasakaniza mau awili kapena kuwadumpha.

Pali misampha iwili apa. Posunga mu Notepad, failo ingatuluke na dzina `sewero.srt.txt`, ndipo Windows imabisa mchila wa .txt, so inu muona monga zonse zili bwino pamene tivi siizindikila. Posunga sankhani `All files` mulembe dzina lonse mweka. Msampha wina ni wa zilembo: sungani mu `UTF-8`. Ngati pa sikilini muona "ng" yatsatidwa na tuzilembo twachilendo monga `â€™` pamalo pa kachizindikilo ka mu ng'ombe, ndiye kuti pulogilamu iwelenga failo mu njila yolakwika. Mu VLC zikonzeka posintha `Default encoding` kukhala UTF-8. Koma mukaocha mau ali owonongeka so, azakhala so mpaka kale-kale.

Titatsegula vidiyo ya muphwa, tinapeza vuto yachiwili. Mau anali kubwela munthu asanatsegule pakamwa. Chifukwa chake? Atatsiliza kulemba SRT, anaika logo yake ya masekondi 6 kumayambililo kwa vidiyo. Chithunzi chinasunthila kutsogolo, koma nthawi za mu SRT zinatsala pamene zinalili. Mau a `00:00:04,200` anafunika kukhala pa `00:00:10,200`, ndipo mizele yonse chimodzi-modzi.

Musanakonze nthawi, yang'anani malo awili, kumayambililo na kumapeto. Ngati kusiyana kuli kofanana konse kuwili, monga masekondi 6 uku na 6 uko, ni nkhani yosuntha chabe. Mu Subtitle Edit, pulogilamu yamahala ya pa Windows, pitani pa `Synchronization`, ndiye `Adjust all times`, lembani masekondi 6, sankhani mizele yonse, dinani `Show later`, musunge. Koma ngati poyamba zigwilizana ndiye kusiyana kukula pang'ono-pang'ono, vuto ni liwilo. Izi zimachitika maningi na ma SRT otenga pa intaneti, pamene mau anakonzedwela filimu ya mafulemu 25 pa sekondi koma yanu ni ya 23.976. Pakatha ola imodzi amasiyana na maminiti awili na hafu. Apo mankhwala ni `Change frame rate` pa menyu imodzi-modzi. Ndipo musanamizike na mabatani a G na H mu VLC. Amasuntha mau pamene muonelela chabe, failo yeve siisintha.

Nthawi itakonzeka, muphwa anafunsa ati, "Manje nilowetse mukati kapena niochelemo?" Kulowetsa mukati ni kwa changu. Kwa amene ali na ffmpeg pa kompyuta, ni mzele umodzi:

```
ffmpeg -i sewero.mp4 -i sewero.srt -c copy -c:s mov_text zofewa.mp4
```

Apa `-c copy` itanthauza kuti chithunzi na saundi vikopedwa mwamene vilili, so nchito isila mu masekondi ochepa ndipo kuwala kwa vidiyo sikuchepa. `mov_text` ni mtundu wa mau wamene MP4 imalola, chifukwa SRT siingalowe mu MP4 osasinthidwa. Mu failo ya MKV yeve imalowa mwamene ilili. Njila iyi ni yabwino ngati mufuna zilankhulo ziwili, Chinyanja na Chizungu, kuti munthu asankhe yeka. Koma zonse zidalila chamene chiseweza vidiyo. VLC pa foni kapena pa kompyuta izawaonetsa. WhatsApp siipatsa batani yoyatsila mau aja, ndipo mativi ambili a pa fulashi ni mwai chabe, ina iwelenga, ina iyai. Azimai aja anali kuzaonelela pa mafoni osiyana-siyana na pa tivi yobweleka. Yankho inali imodzi: kuocha.

Njila yosavuta kwa ambili ni HandBrake, nayo yamahala. Tsegulani vidiyo, pitani pa `Subtitles`, dinani `Tracks`, ndiye `Import Subtitle`, musankhe SRT yanu. Chongani kabokosi ka `Burn In`. Apa ndiye pamagwela anthu. Mukaiwala kuchonga, HandBrake izagwila nchito nthawi yonse ija koma mau azalowa ofewa chabe, mwabwelela pamene munayambila. Mukachonga, dinani `Start Encode`. Mu ffmpeg nchito yomweyo ili so:

```
ffmpeg -i sewero.mp4 -vf subtitles=sewero.srt -c:v libx264 -crf 22 -c:a copy yoocha.mp4
```

Dziwani kuti kuocha kuli na mutengo. Kompyuta ijambulanso fulemu iliyonse na mau pamwamba pake. Vidiyo ya maminiti 12 pa mafulemu 25 pa sekondi ni zithunzi 18,000, so pa laputopu yakale muzayembekeza. Kujambulanso kumadyako kuwala pang'ono, ndipo nambala ya `-crf` ndiye iweluza: ikachepa, monga 18, chithunzi chiwala koma failo ikula, ikakwela, monga 28, failo ichepa koma chithunzi chiyamba kuoneka tumabokosi. Pakati pa 20 na 23 ndiye pabwino pa vidiyo zambili. Na malaiti athu aya, musayambe na vidiyo yonse. Ikani `-t 30` pafupi na kumapeto, dzina ya failo yatsopano isanabwele, kuti ituluke ya masekondi 30 chabe. Itumeni pa foni muone.

Kuyesa uku kunatipulumutsa. Pa laputopu mau anaoneka bwino, koma pa foni mizele ina inali yaitali, inapindika katatu n'kuphimba nkhope ya wosewela. Lamulo imene akatswili ambili amatsatila ni mizele iwili chabe pa nthawi imodzi, uliwonse osapitilila zilembo 42. Chinyanja chathu chili na mau ataliatali, "sitinawabwezele" yeka yadya zilembo 15, so dulani chiganizo pawili, gawo iliyonse na nthawi yake. Tinadula mizele isanu na iwili, tinayesanso, ndiye tinaocha yonse.

Kudziwa kuti yaochedwadi n'kosavuta. Kopelani vidiyo yatsopano mu foda ina mulibe SRT, muitsegule mu VLC, mupite pa `Subtitle`. Ngati palibe kanjila kosankha koma mau aoneka, ndiye kuti ali mu chithunzi. Muphwa akanachita izi tsiku yoyamba, sembe sanataye tulo.

Funso yosiliza imene anafunsa ni ya anzake ambili: nanga kuchotsa mau mu filimu? Ngati ali ofewa mukati mwa failo, atuluka so:

```
ffmpeg -i filimu.mkv -map 0:s:0 mau.srt
```

`0:s:0` ni kanjila koyamba ka mau, `0:s:1` ni kachiwili. Ikakana, nthawi zambili ni chifukwa masabutaito a pa DVD na Blu-ray ni tuzithunzi twa mau, osati malemba. Subtitle Edit ingatuwelenge n'kutusandutsa malemba, koma imalakwitsa, so muzakonza na manja. Failo ya .vtt, ija ya mavidiyo a pa intaneti, imasanduka SRT mosavuta na `ffmpeg -i mau.vtt mau.srt`. Koma mau oochedwa satuluka na batani iliyonse. Vamene vinali kumbuyo kwa zilembo vinafafanizika. N'chifukwa chake nimauza aliyense wojambula: sungani vinthu vitatu, vidiyo yoyela yopanda mau, SRT, na yoocha. Kasitoma akapeza dzina yake yalembedwa molakwika, mukonza mu SRT n'kuochanso kuchokela pa yoyela. Kuocha pamwamba pa yoocha kale, mau azakwelana.

Vidiyo tinaituma ngati `Document` pa WhatsApp kuti isafinyidwe, zilembo zikhale zakuthwa. Mabando anadyeka, koma m'mawa mwake amai apampando anatuma mesiji ati mau aoneka pa foni yao na pa tivi. K800 inalowa pa Chisanu. Muphwa anagulako chingwa na shuga, ati ni ya ba malume. Nimuyembekezabe na talakitaimu yanga imene anasiliza usiku uja.