Foni ikhale kiyi wapadera wa galimoto, osati kiyi yekhayo

Kuno ku Chigwa cha Shire, galimoto imodzi ya pamudzi imatumikira anthu ambiri. Mwana akayamba kukomoka ndi malungo usiku, kapena mayi akayamba kutaya magazi atabereka, anthu amathamangira kukagogoda kwa mwini galimoto. Ife ogwira ntchito m'chipatala timadziwa kuti mayi wotaya magazi kwambiri akhoza kumwalira pasanathe maola awiri. N'chifukwa chake nkhani ya kiyi wa galimoto imandikhudza, makamaka tsopano pamene makampani akuika kiyiyo m'foni.

Maganizo anga ndi akuti luso limeneli ndi labwino, koma galimoto imene imanyamula odwala isadalire foni yokha.

Mu 2020 kampani ya Apple inayamba kulola anthu kusunga kiyi wa galimoto mu iPhone, kuyambira ndi magalimoto a BMW. Lero mafoni ena a Samsung ndi Google amachitanso zomwezo ndi magalimoto ena atsopano, monga a Hyundai ndi Kia. Kuno magalimoto otere akadali osowa, ndipo mafoni otchipa amene ambirife tili nawo sangasunge kiyi wotere. Komabe zimene zili m'magalimoto atsopano kunja lero ndi zimene tidzazipeze m'magalimoto akaunjika mawa.

Foni imalankhula ndi galimoto m'njira ziwiri. Yoyamba imadalira Bluetooth: foni ili m'thumba, mukangoyandikira chitseko chimatseguka. Njira imeneyi imafuna foni yoyaka. Yachiwiri ndi NFC, imene imagwira ntchito pokhapokha foni ili pafupi kwambiri, masentimita ochepa chabe. Mumagunditsa foni pa chogwirira cha chitseko cha dalaivala, kenako mumaiika pamalo ake m'kati, n'kuponda buleki ndi kudina batani lolizira injini. Potsegula ndi NFC sipafunika netiweki kapena bandulo.

Ogulitsa amakonda kunena kuti ngakhale batire ithe, kiyi amagwirabe ntchito. Ndi zoona, koma pali malire. Pa iPhone, foni ikazima yokha chifukwa cha kutha kwa batire, imasunga kamphamvu kochepa kamene kamayendetsa NFC mpaka maola asanu, bola mbali yotchedwa Express Mode ikhale yoyatsa. Nthawi imeneyo chitseko sichitseguka pongoyandikira. Muyenera kugunditsa foni pa chogwirira.

Tiyerekeze banja la ku Bangula m'mwezi wa Novembala. Magetsi azima kuyambira m'mawa, ndipo foni ya bambo yazima 8 koloko madzulo. Kiyi wa m'foniyo akhoza kugwira ntchito mpaka cha m'ma 1 koloko usiku. Mayi woyandikana nawo matenda amuyamba 2 koloko. Galimoto ili pakhomo, mafuta alimo, dalaivala alipo, koma chitseko sichikutseguka. Chotchajira chili m'galimoto momwemo. Kutumiza kiyi ku foni ya m'bale n'kosatheka, chifukwa kugawana kiyi kumafuna foni yoyaka ndi netiweki. Ulendo wopita ku chipatala cha boma ku Nsanje wayamba ndi kusakasaka wa sola pamudzi.

Pali msampha wina umene umatikola ife makamaka. Magetsi akazima tinazolowera kuzimitsa foni kuti tisunge batire. Koma mukazimitsa iPhone ndi dzanja lanu, mwayi wa maola asanu uja sugwira ntchito. Mpaka mutaiyatsanso, foniyo si kiyi.

Ena anganene kuti ndikukokomeza, popeza kiyi wachitsulo amatayikanso, pamene kiyi wa m'foni mungathe kumufufuta foni ikabedwa. Apa akunena zoona. Koma amene anawerengera maola asanu ankaganiza za munthu amene apeza soketi yamoto asanagone. Ife tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira konkuno ku Chikwawa, ndi Malichi 2023 pamene Freddy anagwetsa mapolo ndi kudula misewu. Mdimawo sunali wa maola asanu. Komanso foni imodzi yomweyo ndiyo tochi, ndiyo chikwama cha Mpamba kapena Airtel Money, ndiyonso yoimbira ambulansi. Pa tsiku la mavuto ndi pamene batire yake imatha msanga.

Kutentha nakonso kuli ndi gawo lake. Apple imanena kuti iPhone inapangidwa kuti izigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ku Ngabu ndi ku Nchalo, mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Foni yosiyidwa padzuwa imasiya kutchaja, mwinanso kulemba chenjezo kuti iyambe yazizira, ndipo kutentha kotere kumakalambitsa batire msanga. Batire yokalamba mumaidziwa chifukwa imazima mwadzidzidzi ikusonyeza kuti moto udakalipo.

Nanga tichite chiyani? Pogula galimoto yotere, musalipire musanalandire kiyi wina wosadalira foni. Magalimoto ambiri amtunduwu amakhala ndi khadi longa la ku banki limene limatsegula ndi NFC. Khadili lilibe batire, limatenga mphamvu ku galimoto. Lisungeni m'chikwama cha m'thumba, osati kuseri kwa foni, chifukwa foni ikabedwa zipitira limodzi, ndiponso osati m'galimoto. Ngati mukufuna kuti mkazi wanu kapena dalaivala wina akhale ndi kiyi m'foni yake, mugawireni lero netiweki ilipo, ndipo ayese kutsegula ndi kuliza injini inu mukuona. Pawabanki ikhale m'nyumba.

Khadi nalonso lili ndi malire. Batire ya galimoto ikafa, galimotoyo siimva foni kapena khadi. Chotsala ndi kiyi wachitsulo, ngati galimotoyo ili naye. Funsani wogulitsa akusonyezeni bowo lake, chifukwa nthawi zina limabisika kuseri kwa kachivundikiro pa chogwirira cha chitseko.

Phunziro limeneli likukhudza kale eni ma Sienta ndi ma Note ochokera ku Japan olizidwa ndi batani. Limoti yake ili ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri ka nambala CR2032, kamene kamatha pakapita chaka kapena ziwiri. Chizindikiro ndi chakuti limoti imayamba kumva mukayandikira kwambiri. Ikafa, sololani kiyi wachitsulo wobisika m'limotimo mutsegulire chitseko. Pa magalimoto ambiri a Toyota, pondani buleki, gunditsani limoti pa batani lolizira injini, mukamva kulira dinani batanilo. Kabatire kakale musakataye poyera. Mwana akakameza kakhoza kuwotcha kummero m'maola awiri okha, ndipo ayenera kufika kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa inu odzipereka pa zaumoyo, mukamathandiza banja kukonzekera uchembere mumafunsa za zitenje, beseni ndi ndalama ya thiransipoti. Onjezani mafunso awiri kwa mwini galimoto imene banjalo likudalira: kiyi wapadera ali ndi ndani, ndipo munamuyesa liti? Akayankha kuti zonse zili m'foni, mupempheni azimitse foniyo, atsegule galimoto ndi kuliza injini inu muli pomwepo. Akalephera masana, lembani dzina la mwini galimoto wina kapena wa kabaza wa njinga yamoto pa ndondomeko ya mayiyo tsiku lomwelo.