Chithunzi sichidziwa mtengo

M'mafamu a ku Mashonaland, zidzukulu za Amalawi zikutumizirana zithunzi za bowa pofunsa ngati ndi ndelema, amene Ashona amati nhedzi. Wovomereza poona chithunzi chabe akusewera ndi moyo wa mnzake.

Ndelema amamera pansi pa mitengo ya msasa. Koma eni mafamu anabzalanso paini ndi oki, ndipo pansi pake pamamera Amanita phalloides, bowa wakupha. Onsewa ali ndi kunsi koyera, mkanda pathunthu ndi kathumba patsinde. Wakuphayo ndi wobiriwirako pamwamba, koma mvula imasukulutsa mtunduwo. Chithunzi sichinena mtengo umene unali pamwamba pake.

Kuphika sikuchotsa poizoni wake. Kusanza kumayamba patapita maola 6 kapena kuposa, kenako wodwala amaoneka ngati wachira pamene chiwindi chikuwonongeka. Wadya bowa wokayikitsa athamangire kuchipatala, asadikire zizindikiro.