Lekani kuwotcha mafoni athu chifukwa cha nsalu yakumsana

Pali chizolowezi chimene chimandikwiyitsa pakati pa opanga magemu, makamaka amene angoyamba kumene. Munthu wajambula ngwazi yake, waiveka nsalu yolendewera kuchokera m'mapewa ngati ya Batman, ndiye akufuna kuti nsaluyo iziuluka ngwaziyo ikamathamanga. Mmalo moganiza, amangoyatsa chida chowerengera nsalu yonse, kachidutswa kalikonse pakokha, n'kukhutira poona zikuyenda bwino pa kompyuta yake yamphamvu. Gemuyo ikafika pa foni yotchipa imayamba kudodoma, foni n'kutentha, batire n'kutha. Umenewu ndi ulesi, ndipo amene amaulipira ndi wosewera.

Tiyambe ndi nthawi. Gemu yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imakhala ndi mamilisekondi 16.7 okha okonzera chithunzi chilichonse. M'kanthawi kameneko muyenera kulowa zonse: kuyenda kwa adani, kuwala, phokoso, kujambula dziko lonse. Nsalu ikadya gawo lalikulu la nthawiyi, yalanda chakudya cha zinthu zimene wosewera anabwerera.

Tsono tiwerenge. Titenge nsalu yotalika masentimita 120, yojambulidwa ndi timfundo 2,000, mizere 50 ya timfundo 40. Kuti isang'ambike, kamfundo kalikonse kayenera kumangidwa kwa anzake a m'mbali ndi a pansi, ndipo zomangira zoterezi zimakwana 3,910. Kuzikonza kamodzi sikukwanira, chifukwa ukakonza chimodzi umasokoneza choyandikana nacho. Ukabwereza kanayi, ndiye kuti wakonza ka 15,640 pa chithunzi chimodzi, usanafunse n'komwe ngati nsaluyo yalowa m'mwendo. Ndipo kanayi n'kochepa pa mizere 50: nsalu imatamuka, mpaka uwonjezere maulendo.

Njira yanzeru ndi ya mafupa. Pansi pa nsalu yomweyo ikani matcheni atatu a mafupa osaoneka, ina kumanzere, ina pakati, ina kumanja. Tcheni iliyonse ikhale ndi mafupa asanu a masentimita 24, ndipo nsonga yake yapamwamba ikhomedwe paphewa kapena pakhosi. Timfundo toyenda tatsala 15 tokha. Zomangira zotsika ndi 15, zopingasa zolumikiza matcheni ndi 10, zonse 25. Kubwereza kanayi ndi kukonza ka 100 basi. Timfundo 2,000 tija tikadalipo, koma tsopano tikungotsatira mafupa monga khungu la mkono limatsatira fupa la mkono, ntchito imene makina ojambulira amaichita kale pa thupi lonse la ngwaziyo. Kodi pali chifukwa chanji cholipirira 15,640 pamene 100 ikugwira ntchito?

Nzeruyi si yachilendo. Thomas Jakobsen wa ku IO Interactive ku Denmark anaifotokoza poyera mu 2001, ataigwiritsa ntchito mu Hitman: Codename 47 ya mu 2000, pa makompyuta ofooka kuposa mafoni ambiri a lero. Anatenga kawerengedwe kodziwika ndi dzina la Loup Verlet, katswiri wa ku France amene anakagwiritsa ntchito mu 1967 pofufuza kayendedwe ka tinthu ting'onoting'ono. Mtima wake ndi mizere itatu:

```
v = (p - old) * 0.98
old = p
p = p + v + g * dt * dt
```

Kamfundo sikasunga liwiro. Kamangokumbukira pamene kali, `p`, ndi pamene kanali, `old`, ndipo kusiyana kwa malo awiriwa ndiko liwiro lake. Nambala ya 0.98 imachotsako mphamvu pang'ono kuti nsalu isagwedezeke mpaka kalekale. Mphamvu yokokera pansi, `g`, ya mamita 9.8 pa sekondi pa sekondi, pa zithunzi 60 imawonjezera mamilimita pafupifupi 2.7 pa sitepe iliyonse. Kenako mumakonza utali: timfundo tiwiri toyenera kutalikirana masentimita 24 tikapezeka pa 26, kalikonse kasunthidwe sentimita imodzi kulowera kwa kanzake, koma ngati kamodzi n'kokhomedwa paphewa, kanzakeko kasunthe masentimita awiri onse. Ubwino wake ndi wakuti ukasuntha kamfundo, liwiro lake limadzikonza lokha. Ngwazi ikathamanga, mapewa amatsogola, timfundo tapansi timatsalira, nsalu n'kukwera yokha popanda wina kuijambulira.

Amene amanyoza njirayi amati imalowetsa nsalu m'thupi. Zimachitikadi, koma chifukwa chake chimadziwika ndipo mankhwala ake alipo. Thupi musaliwerenge lonse. Ikani makapisozi atatu osaoneka, wina pamsana ndi awiri m'miyendo, ndipo kamfundo kakapezeka mkati kakankhidwire kunja. Mukaona chidendene chikutulukira pakati pa nsalu ngwazi ikamathamanga, dziwani kuti mwendo wadutsa pampata wa pakati pa matcheni awiri, pomwe palibe kamfundo kowuletsa. Nenepetsani kapisoziyo, kapena onjezani matcheni afike asanu. Timfundo tidzakhala 25, zomangira 45, ndipo mukadali kutali kwambiri ndi 3,910. Ikaninso malire akuti kamfundo kasadutse kutsogolo kwa msana, kuti ngwazi ikaima mwadzidzidzi nsalu isaikute kumaso.

Vuto lachiwiri limaoneka ngwazi ikasamutsidwa nthawi imodzi, monga ikafa n'kuyambiranso pamalo ena. Nsalu imatambasuka kudutsa sikirini yonse, n'kukwapula uku ndi uku. Chachitika n'chakuti mapewa alumpha mamita 50 koma timfundo tatsala kumalo akale, ndiye zomangira zimatikoka mwamphamvu ndipo kukokako kumasanduka liwiro loopsa. Pa nthawi yosamutsa, bwezerani timfundo tonse pamalo ake opumira ndipo `old` afanane ndi `p`. Ndi mizere yochepa chabe, ndipo gemu yotuluka ndi cholakwika chimenechi ilibe chodzikhululukira.

Vuto lachitatu ndi lobisika. Mizere itatu ija imadalira kuti `dt` sasintha. Foni ikatsika kuchoka pa zithunzi 60 kufika pa 30, mtunda wa sitepe yapita umagwiritsidwa ntchito pa nthawi yosiyana, ndipo nsalu imanjenjemera kapena kusintha kulemera. Chizindikiro chake n'chakuti nsalu imakhala bwino pamalo opanda anthu, n'kuyamba misala nkhondo ikakula. Yendetsani nsalu pa sitepe yokhazikika ya gawo limodzi mwa 60 a sekondi. Chithunzi chikachedwa, yendetsani masitepe awiri.

Malire alipo, ndipo ndi oonekeratu. Mafupa 15 sangapange makwinya ang'onoang'ono, choncho makwinyawo ajambulidwe pa nsalu pomwepo. Sangaunjikane bwino pansi ngwazi ikagwada, ndipo sangakulunge thupi. Ngati gemu yanu yagona pa kugwira nsalu, kuikoka kapena kuing'amba, lipirani kuwerengera konse, chifukwa pamenepo nsaluyo ndiyo sewero. Ngati ngwazi ikudzifunditsa nsalu pa kachigawo kamodzi ka nkhani, wojambula akonzeretu kayendedwe ka mafupawo ndi manja. Koma nsalu yongotsatira kumbuyo kwa munthu wothamanga, imene diso limangofuna kuona kuti yatsalira, yagwedezeka ndipo yakhazikika, siyenera mtengo umenewo.

Ngakhale waulesi alibe pothawira. Unreal Engine ili ndi AnimDynamics yogwedezera mafupa, ndipo Godot inabweretsa SpringBoneSimulator3D mu 4.4. Zida zilipo, masamu ndi a mizere itatu, ndipo njirayi yayesedwa kwa zaka zoposa 20. Inu opanga magemu, yambani ndi matcheni atatu, yesani pa foni yofooka kwambiri imene mungaipeze, ndipo onjezani fupa pokhapokha maso anu aona pamene likusoweka. Wosewera anagula foni yake movutikira. Musamuwotchere chifukwa cha nsalu.