Lezala iyambe yapuma, anyamata

Lolemba lililonse ndimawaona m'kalasi anyamata a Fomu 3 ndi Fomu 4 akukanda pansi pa chibwano, khosi lonse lili timatuza. Ukawafunsa, yankho ndi limodzi: anameta ndi lezala Lachisanu kuti akaoneke bwino ku Juma. Ambiri amaganiza kuti lezalayo inali yakuda, koma nthawi zambiri vuto si limenelo.

Tsitsi lathu ndi lopotana. Lezala imalidula pakhungu penipeni n'kusiya nsonga yakuthwa, ndipo ukamakoka khungu pometa, kachitsa kotsalako kamalowa mkati. Pomera, tsitsilo limapindika n'kubaya khungu, thupi n'kulimbana nalo ngati munga. N'chifukwa chake timatuzato timatuluka pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo mukatiyang'anitsitsa mumaona katsitsi kopindika pakati. Kumetanso pamwamba pake kumasiya zipsera zakuda.

Ine ndikuti wa khungu lotere agwiritse ntchito makina. Makina amasiya tsitsi lotalika pafupifupi milimita imodzi, nsonga ili kunja. Mnyamata wina ndinamuuza kuti asiye kumeta milungu inayi, azingosamba ndi madzi ofunda, osafinya. Zotupa zitaphwa anayamba makina. Zinabwereranso kamodzi kokha, tsiku lomwe magetsi anazima mutu uli pakati, wometa n'kumalizitsa ndi lezala pankhongo.

Pankhongopo ndi pofunika kusamala. Mukakhala pampando kwa ometa a pamsika wa Chirimba, nenani kuti asagwetse kwambiri, ndiponso asadule malire ndi lezala. Zotupa za pankhongo zikalimba zimasanduka zipsera zokhuthala, tsitsi osameranso. Zikafika pouma chotero kapena potuluka mafinya, pitani kuchipatala.

Makina nawo ali ndi mlandu wawo, sindibisa. Amodzi omwewo amayenda pamitu yambiri, ndipo chipere chimayenda nawo. Icho chimadziwika ndi chigamba chozungulira, chotuwa, tsitsi litathothoka. Mano ake akamakanda mpaka magazi, angathenso kufalitsa matenda a chiwindi. Onetsetsani kuti wometa wasasa tsitsi ndi burashi, wathira sipiriti, n'kudikira kuti aume. Makolo amene angakwanitse, makina a pakhomo otchaja amathetsa zonsezi.

Ena amati lezala ndiye ukhondo weniweni. Sunna imatiuza kusunga ndevu ndi kupungula za pamlomo wapamwamba, osapitirira masiku 40, ndipo pamenepa makina amakwanira. Amene sangachitire mwina, anyowetse tsitsi ndi madzi ofunda mphindi zisanu, apake sopo, amete kamodzi motsata kumene tsitsi lagonera, osakoka khungu. Lezala ikhale yatsopano, yake yekha, osabwerekana ngakhale ndi mchimwene wake.