Uthenga wa chindapusa pa foni: ndalamayo ikupita kwa yani?

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu masana, muli kalikiliki kukonzekera Sabata, ndiye pa foni palowa uthenga: "Ndife apolisi. Galimoto yanu ili ndi mlandu. Tumizani K50,000 pa nambala iyi lero lomwe, apo ayi tikumangani."

Mtima ugunda ndithu, ndipo wolembayo akudalira mantha omwewo. Musanayambe kudzifunsa ngati munalakwadi, onani kaye komwe ndalamayo ikupita.

Chindapusa chenicheni chimatuluka ndi lisiti ya boma, ija timati GR. Msonkho wa MRA nawo umalipidwa pa TPIN yanu n'kulowa mu akaunti ya bungwelo, osati m'foni ya munthu. Choncho akakupatsani nambala wamba ya Airtel Money kapena Mpamba, yoyamba ndi 099 kapena 088, dziwani kuti ndi akuba. Zoti atchula nambala ya galimoto yanu zisakudabwitseni, aliyense amaiwerenga pamsewu.

Musaimbe nambala ya mu uthengamo, chifukwa woyankha adzakhala yemweyo, mwinanso ndi mawu aukali. Uthengawo musaufufute. Lolemba pitani nawo kupolisi kapena ku ofesi ya MRA, akayang'ane ngati mlanduwo ulipodi.