Njala ya mu 2024 Inatumiza Uthenga mu June

Mu March 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba. Ambiri tinati tsokali latidzidzimutsa. Ine ndikukana. Akatswiri a zanyengo anali atalengeza kale mu June 2023 kuti El Niño wayamba, tisanagule n'komwe mbewu.

El Niño amayambira kutali kwambiri, m'nyanja ya Pasifiki. Nthawi zonse mphepo ya kumeneko imaomba kuchokera ku Peru kulowera ku Indonesia, n'kumakankhira madzi ofunda a pamwamba kumadzulo. Pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, mphepoyi imafooka ndipo madzi ofundawo amabwerera kum'mawa. Mitambo ya mvula imabadwira pamwamba pa madzi ofunda, choncho madziwo akasuntha, mitambo nayo imasamuka ndipo kayendedwe ka mpweya kamasokonekera mpaka kuno kwathu. Ku Peru, Kenya ndi Tanzania kumagwa mvula yosefukira, pamene ku Indonesia, Zambia, Zimbabwe ndi kummwera kwa Malawi kumauma.

Vuto lili pa nthawi yake. Nyanjayi imafunda kwambiri cha mu Disembala, ndipo ng'amba imakonda kutipeza mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikumasula ngayaye. Pamenepo chikasowa madzi kwa masabata awiri kapena atatu, chisononkho chimatuluka chopanda maso, ngakhale mvula itabwerera mu Malichi.

Chenjezo lotere limayenera kusintha zochita za mlimi wa ku Balaka kapena ku Neno. Asagulitse chimanga chonse cha chaka chatha. Abzale mbewu yocha msanga, aphimbire nthaka ndi mapesi, ndipo gawo la munda alipatse mapira, nandolo, chinangwa ndi mbatata.

Wina anena kuti zolosera zimanama. Pali choonadi pamenepo: El Niño wa 1997/98 anali wamphamvu zedi, koma chilala chomwe chinkaopedwa kuno kummwera kwa Afirika sichinafike pamenepo. Komabe tiyeze mbali zonse. Wobzala mapira mvula n'kugwa bwino wataya matumba ochepa a chimanga. Wodalira chimanga chokha m'chaka ngati 2015/16 kapena 2023/24 wataya chakudya cha banja lonse.

Apa ndi pamene ife ophunzira zauphunzitsi tikulowapo. Ku sekondale ndinaloweza El Niño kuti ndikhoze mayeso a jogalafe, osadziwa kuti akukhudza nkhokwe ya amayi anga. Tikapita kukaphunzitsa, tizibwera ndi ulosi wa mvula womwe nthambi yoona zanyengo imatulutsa dzinja lisanayambe, n'kufunsa ana kuti kwawo abzala chiyani. Mwana akamvetsa, uthengawo ukafika kwa makolo tsiku lomwelo.

Yosefe atamasulira maloto a Farao sanangopemphera ayi, anasonkhanitsanso tirigu m'nkhokwe. Ifenso timachenjezedwa miyezi isanu mvula isanayambe. Funso ndi lakuti miyezi imeneyo timaigwiritsa ntchito yanji.