LA Akatha Thupi Likutenthabe

Ku Mchinji, munthu amene thupi lamutentha m'miyezi ya mvula salakwa kuyamba waganizira malungo. Kuyambira Januwale mpaka cha m'ma Epulo madambo a m'mbali mwa Bua amasunga madzi, udzudzu umaswana, ndipo pachipatala cha paboma, ku Kapiri, ku Mkanda ndi ku Kochilira pamadzaza amayi obereka ana odwala. N'chifukwa chake bomali linali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019. Koma mvula yomweyo imagwetsanso zimbudzi ndi kukokolera zonyansa m'zitsime zosatetezedwa, ndipo m'madzi otero ndi mmene taifodi imayendamo. Matenda awiriwa sabata yoyamba amafanana kwambiri: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, kusafuna kudya. Ngakhale dokotala wodziwa bwino ntchito sangawasiyanitse motsimikiza pongoyang'ana wodwala.

Timakonda kunena kuti "akandiyeze magazi" ngati kuti kuyezako ndi kumodzi. Zoona zake n'zakuti matenda aliwonse mwa awiriwa ali ndi kayezedwe kake, ndipo kusiyanaku kumachokera pa mmene tizilombo take timakhalira m'thupi. Kachilombo ka malungo kamene kamavutitsa kwambiri kuno, Plasmodium falciparum, kamalowa ndi udzudzu, n'kukaswana m'maselo ofiira a magazi mochuluka kwambiri moti kadontho ka pachala kamakwana kukaulula. Bakiteriya wa taifodi, Salmonella Typhi, amalowera kukamwa ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Amadutsa m'matumbo n'kukabisala m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa, ndipo m'magazi oyenda amapezekamo wochepa zedi, kawirikawiri mmodzi kapena angapo chabe pa mililita imodzi. Kadontho ka pachala sikangamugwire, ndipo kachipangizo koyezera malungo sikanapangidwe kuti kazimufunafuna n'komwe.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22 wa kabaza, amene amanyamula anthu ndi katundu pakati pa boma ndi chipata cha Mwami. Masana amadya pamene njala yamupezera: tchipisi cha pachiwaya, thobwa, madzi a m'kapulasitiki. Masabata atatu apitawo anadwala malungo, anamwa LA n'kuchira. Tsopano thupi layambanso kutentha. Masiku atatu oyamba akudalira Panado ndi mapiritsi angapo a Bakitirimu ogula pagolosale. Tsiku lachinayi akupita kuchipatala chaching'ono, akumubaya pachala, ndipo patatha mphindi 15 kapena 20 pakachipangizo paja pakuoneka mizere iwiri. Akumupatsa LA wa akuluakulu: mapiritsi anayi nthawi imodzi, anayi ena patatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira, onse pamodzi 24. Wogwira ntchito wachita zimene malamulo a chithandizo amanena, ndipo palibe chomudzudzulira.

Malungo akakhala kuti ndiwo akudwalitsa munthu, LA womwedwa bwino amagwetsa kutentha pasanathe masiku awiri kapena atatu. Mnyamata wathuyu wamaliza mapiritsi onse koma kutentha kukungokwera, madzulo alionse kuposa dzulo lake. Mutu sukuleka, m'mimba mukupweteka, ndipo wadzimbidwa. Apa ndi pamene ambiri timasochera. Ena amati LA wa masiku ano alibe mphamvu, n'kukagula wina. Ena amafuna jekeseni. Ena amayamba kuganizira za anthu.

Mizere iwiri ija inanena zoona, koma zoona zake n'zochepa kuposa mmene timaziwerengera. Zipangizo zambiri zoyezera malungo mwachangu sizifufuza kachilombo kamoyo. Zimafufuza puloteni imene kachilomboko kamatulutsa, yotchedwa HRP2, ndipo puloteniyi imatsalira m'magazi kwa masabata angapo tizilombo titafa kale. Munthu amene wachira malungo posachedwa akhoza kuonetsa mizere iwiri chikhalirecho chimene chikumudwalitsa lero ndi china. Palinso chachiwiri: m'dera la malungo ambiri ngati Mchinji, akuluakulu ndi ana a msinkhu wa sukulu ambiri amayenda ndi tizilombo tochepa m'magazi osadwala nato. Wotereyu akagwidwa ndi taifodi, kachipangizo kadzaonetsa malungo, ndipo sikadzakhala katanama.

Pobwerera kuchipatala, chothandiza n'chakuti magazi aonedwe pa maikulosikopu, chifukwa apo woyeza amaona tizilombo tenitenito ndipo amatha kutiwerenga. Ngati patapita masiku atatu a LA tizilombo sitikuonekanso koma thupi likutenthabe, malungo achoka pamndandanda wa oganiziridwa, ndipo pakutsala chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, matenda oumitsa khosi, taifodi ndi ena. Zimenezi zikukhudzanso munthu amene wapezeka ndi mzere umodzi tsiku loyamba lomwe. Ambiri amabwerera kunyumba akudandaula kuti "sanandipeze ndi matenda," pamene chimene chadziwika n'chakuti alibe malungo basi. Funso lakuti nanga chikutenthetsa thupi n'chiyani limakhala lisanayankhidwe, ndipo wodwala ali ndi ufulu wolifunsa asanatuluke m'chipindamo.

Kutsimikiza taifodi kumafuna magazi a pamtsempha, kwa munthu wamkulu pafupifupi mamililita 10. Amawathira m'botolo la madzi okhala ndi chakudya cha bakiteriya, n'kuliika pamalo ofunda ngati thupi la munthu kuti wochepa uja aswane mpaka aoneke. Zimatenga masiku awiri mpaka asanu, kenako amamuyesa ndi mankhwala osiyanasiyana kuti aone omwe akumupha. Njira imeneyi ikati taifodi ilipo, ndiye kuti ilipodi. Koma imaphonya: mwa odwala taifodi khumi imagwira pafupifupi asanu ndi mmodzi, ndipo imaphonya kwambiri ngati magazi atengedwa ochepa kapena wodwala wamwa kale mankhwala opha bakiteriya. Bakitirimu wa pagolosale uja akhoza kulephera kuchiza mnyamatayu, komabe mankhwala otere amachepetsa mwayi woti botolo lionetse kanthu. N'chifukwa chake n'kofunika kuuza dokotala chilichonse chimene mwamwa, dzina lake ndi masiku ake, ngakhale mukuopa kukalipiridwa.

Vuto lina ndi la mtunda. Kuyeza kotereku kumafuna labotale ya magetsi odalirika, mabotolo ake ndi anthu ophunzira, ndipo m'dziko muno kumapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu. Kuchokera paboma pa Mchinji kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100. Chimene chimapezeka msanga, makamaka m'zipatala zolipira tsidya lino ndi la Chipata lomwe, ndi kuyeza kwa Widal, njira imene dokotala wa ku France, Fernand Widal, anaitulukira mu 1896. Iyo siyang'ana bakiteriya koma asilikali amene thupi lapanga polimbana naye. Asilikaliwa amachedwa kukwera, choncho sabata yoyamba Widal akhoza kunena kuti mulibe taifodi muli nayo. Amakhalitsanso m'thupi la amene anadwalapo kale, ndipo amatha kukwera chifukwa cha matenda ena, malungo omwe. Ine ndikaona pepala lolembedwa kuti munthu ali ndi malungo ndi taifodi pamodzi, zotsatira zonse zitatuluka m'mphindi 30, ndimakayika. Matenda awiriwa akhoza kukumanadi m'thupi limodzi, koma osati kawirikawiri mmene mapepala otere amanenera.

Kodi kutsimikiza kuli ndi phindu lanji ngati dokotala akhoza kungopereka mankhwala a taifodi poona zizindikiro? Nthawi zambiri amaterodi, ndipo pamene labotale ili kutali sachitira mwina. Koma mankhwala oyenera kupereka mongoganizira amadziwika chifukwa chakuti kwina kwake magazi akuyezedwa. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamene akhala akuyeza magazi a odwala otentha thupi m'njira imeneyi kuyambira 1998, ankapeza taifodi pafupifupi ka 14 pachaka mpaka 2010. Mu 2014 anaipeza ka 782, ndipo pafupifupi yonse inali ya mtundu wosamva amokisilini, kuloramfenikolo ndi Bakitirimu, mankhwala atatu amene kale ankadaliridwa. Ku Neno, boma la m'malire ngati lathuli, mu 2009 kunagwa matenda amene ena ankalephera nawo kuyenda bwino ndi kulankhula. Panapita miyezi asanadziwike, mpaka magazi ataonetsa kuti inali taifodi yosamva mankhwala omwewo. Anthu 303 anadwala mbali zonse ziwiri za malire ndi Mozambique, ndipo 11 anamwalira. Masiku ano madokotala amadalira sipulofulokisasini, azithiromaisini kapena jekeseni ya sefitiriyakisoni, ndipo kumwa mankhwalawa mwachisawawa pa kutentha thupi kulikonse ndiyo njira yachidule yowaphera mphamvu nawonso.

Mnyamata uja akayamba mankhwala oyenera m'sabata yachiwiri, kutentha kudzatsika pang'onopang'ono, mwina patatha masiku atatu mpaka asanu, ndipo ayenera kumaliza onse ngakhale atayamba kupeza bwino. Akachedwa n'kulowa m'sabata yachitatu, zilonda zimene bakiteriya wapanga kumapeto kwa matumbo aang'ono zikhoza kutuluka magazi kapena kubooka. Mimba imauma gwa, ululu umakula mwadzidzidzi, ndipo apo chotsala ndi opaleshoni yamwamsanga. Taifodi imapereka masabata, koma malungo sapereka nthawi yotere, makamaka kwa mwana wamng'ono ndi mayi woyembekezera: mwana akhoza kukomoka kapena kutha magazi m'tsiku limodzi kapena awiri. Choncho kuyeza malungo kumayambirira nthawi zonse, tsiku lomwe thupi latentha, ngakhale m'mudzimo mukumveka mbiri ya taifodi.

Mu Meyi 2023 dziko lino linapereka katemera wa taifodi kwa ana oyambira miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ndipo kuyambira pamenepo amaperekedwa kusikelo mwana akakwanitsa miyezi 9. Pa kafukufuku amene anachitika ku Ndirande ndi ku Zingwangwa pa ana pafupifupi 28,000, katemerayu anateteza pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse. Awiri otsalawo, pamodzi ndi onse amene anali atapitirira msinkhu mu 2023, akhoza kudwalabe. Ngati thupi likutenthabe patatha masiku atatu a LA, pobwerera kuchipatala tengani buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala amene mwamwa, ndipo nenani tsiku lenileni limene thupi linayamba kutentha, chifukwa dokotala amawerengera masiku amenewo posankha choti ayeze.